Linki yosankhira nthawi: mmene mungaitumizire kwa akuluakulu popanda kuoneka ngati mukuwatuma

Mu Januwale 2022, pa Twitter panabuka mkangano pa nkhani yooneka ngati yaing'ono. Sam Lessin, yemwe anakhalapo mmodzi wa akuluakulu a Facebook, analemba kuti kutumizira munthu linki ya Calendly n'kumusonyeza poyera kuti nthawi yako ndi yofunika kuposa yake. Ena anamuvomereza, ena anati akungokokomeza. Mkanganowo unachitikira kutali, koma aliyense amene analembapo uthenga wopempha kuonana ndi bwana kapena wapampando wa bodi akudziwa pamene pagona nkhani.

Calendly, yomwe inayambitsidwa mu 2013 ndi Tope Awotona, mbadwa ya ku Lagos yemwe anakhazikika ku Atlanta, imagwira ntchito motere. Mumailumikiza ndi kalendala yanu ya pa kompyuta, ndipo imakupatsani linki. Wolandira linkiyo akaitsegula amaona maola amene muli omasuka, amasankha limodzi, amalemba dzina ndi imelo yake, ndipo msonkhanowo umalowa wokha mu kalendala yanu, iyenso n'kulandira uthenga wotsimikizira. Google Calendar ndi Microsoft Bookings nazonso zili ndi njira yofanana. Cholinga chake n'kuthetsa mauthenga aja obwerezabwereza a "Lachiwiri muli ndi mpata?" ndi "Ayi, nanga Lachinayi?"

Vuto lake lili pa zimene linkiyo imanena mwakachetechete. Tsamba limene limatsegukalo limaonetsa mpata wa wotumizayo, osati wa wolandirayo. Choncho amene akusankha ndiye ayenera kutsegula kalendala yake, kuyerekeza, kupeza pamene ziwirizo zikugwirizana, kenako n'kudzaza fomu. Pakati pa anthu ofanana udindo, palibe cholakwika. Koma ngati inu ndi amene mwapempha msonkhano, ndipo winayo ndi wamkulu kwa inu, mwatembenuza zinthu. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wopempha ndiye ayenera kupinda ndondomeko yake, ndipo uthenga wake uyenera kusonyeza zimenezo linki isanaoneke n'komwe.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wogwira ntchito m'bungwe lothandiza alimi ku Lilongwe akufuna mphindi 20 ndi mayi amene ali wapampando wa bodi ya bungwelo, kuti amve maganizo awo pa lipoti lisanapite kwa opereka thandizo. Uthenga umene ambiri amalemba mofulumira ndi wotere: "Mayi, ndikufuna tikambirane za lipoti lija. Nayi linki yanga, sankhani nthawi." Mulibe mawu achipongwe, koma "sankhani" ndi lamulo, ndipo "linki yanga" ikunena kuti kalendala ya mtsikanayo ndiye yolamulira. Sananene kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mayiwo alibe njira ina yoyankhira kupatula kudina linki.

Uthenga womwewo ukhoza kulembedwa motere:

"Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ndimapempha ngati mungandipatseko mphindi 20 kuti ndimve maganizo anu pa gawo la zachuma la lipoti lija, lisanatumizidwe Lachisanu pa 17. Ndimaganiza za Lachiwiri pa 14 nthawi ya 10 koloko m'mawa, Lachitatu pa 15 nthawi ya 2 koloko masana, kapena Lachinayi pa 16 nthawi ya 9 koloko m'mawa. Ngati nthawi zimenezi sizikukuyenerani, mungondiuza imene muli ndi mpata, ine ndisintha zanga, kapenanso ndikhoza kulumikizana ndi a sekilitale anu. Ngati kungakhale kophweka kwa inu, ndaikanso linki ya Calendly m'munsimu yosonyeza maola ena. Kuitana kwa msonkhano ndi mapepala ake ndikonza ndine."

Chimene chasintha kwambiri si mawu aulemu ayi, koma dongosolo. Choyamba chabwera chifukwa cha msonkhano, kutalika kwake ndi tsiku lomaliza, kuti mayiwo aweruze okha ngati nkhaniyo ndi yoyenera nthawi yawo. Kenako pabwera nthawi zitatu zolembedwa m'uthenga momwemo, kotero kuti akhoza kuyankha ndi liwu limodzi, "Lachitatu", ali m'galimoto, osatsegula tsamba lililonse. Zitatu n'zokwanira: imodzi yokha imamveka ngati samani, pamene zisanu ndi ziwiri zikuwapatsanso ntchito yosefa. Pambuyo pake mtsikanayo wanena poyera kuti wosintha ndondomeko ndi iye. Linki yabwera kumapeto, ngati njira yapadera imene mayiwo akhoza kuinyalanyaza popanda kuoneka kuti akana.

Chiganizo chomalizacho anthu ambiri amachiiwala, chonsecho ndi chimene chimachotseratu fungo la kutuma. Chikunena kuti mayiwo akangotchula tsiku, zotsala zonse, monga kutumiza kuitana, kukonza linki ya Zoom kapena Teams ndi kutumiza lipoti, si zawo. Onaninso kuti mtsikanayo watchula dzina la Calendly. Masiku ano anthu ambiri amachenjezedwa kuti asamadine malinki osadziwika chifukwa cha akuba a pa intaneti, ndipo linki yongoponyedwa popanda kufotokoza kumene ikupita imakayikitsa.

Nkhani ya sekilitale ndi yofunika kuimvetsa. Akuluakulu ambiri sasunga okha kalendala yawo. Mukawatumizira linki, mwina aipititsa kwa wowathandiza, mwina ingokhala pompo. Ngati mukudziwa kuti pali sekilitale, pemphani chilolezo kwa bwana kaye, ndipo linki ipite kwa sekilitaleyo. Kwa iye linki ndi yothandizadi, chifukwa ntchito yake ndi kuyerekeza makalendala, ndipo kuona mpata wanu wonse pamalo amodzi kumamupulumutsa mafoni angapo. Naye muyankhuleni mwaulemu womwewo, poti ndiye agwira makiyi a nthawi ya bwana.

Komabe uthenga wokoma sungapulumutse linki yosakonzedwa bwino. Tangoganizani mayi aja adina linki, n'kupeza kuti mpata woyamba uli sabata ya mawa kuseri kwa tsiku lotumiza lipoti, kapena kuti sabata yonse ili ndi malo awiri okha. Zimenezo zikutsutsa mawu onse a "ndisintha zanga". Musanatumize, tsegulani linkiyo pa foni ngati kuti ndinu wolandira, muone zimene iye adzaone. Mpata ukhale wochuluka, kuphatikizapo m'mamawa kapena chakumadzulo ngati mukudziwa kuti ndi nthawi imene munthuyo amapezeka. Kutalika kwa msonkhano kufanane ndi kumene mwapempha: mukapempha mphindi 20 koma tsamba n'kumanena ola lathunthu, mwaoneka wosanena zoona.

Chotsaninso mafunso owonjezera. Masamba ambiri otere amakhala ndi funso lofunsa wosankhayo kuti afotokoze cholinga cha msonkhano. Funsolo ndi loyenera kwa kasitomala amene akukufunani inu, koma kufunsa wapampando chifukwa chimene akufunira kukuonani, pamene mwapempha ndinu, ndi chipongwe chenicheni. Njira yabwino ndiyo kukonza msonkhano wapadera wa munthu ameneyo, wokhala ndi mutu womveka monga "Lipoti la zachuma, mphindi 20", wosafuna china koma dzina ndi imelo. Onaninso mauthenga okumbutsa amene makinawa amatumiza okha. Chikumbutso chimodzi tsiku lisanafike n'chokwanira, ndipo ndi bwino mutachilemba nokha.

Palinso msampha umene umagwira ngakhale anthu osamala. Nthawi zitatu zimene mwalemba mu uthenga zimakhalabe zotseguka pa linki yanu yanthawi zonse, ndipo munthu wina akhoza kusankha Lachitatu 2 koloko mayi aja asanayankhe. Zitsekeni mu kalendala yanu mpaka yankho litabwera, kenako mumasule ziwiri zotsalazo. Kumbukiraninso kuti linki imangodziwa zimene zili mu kalendala imene mwailumikiza. Msonkhano umene munagwirizana pa WhatsApp kapena pakhonde la ofesi, ngati simunaulembe, makinawo aziona ngati muli omasuka. Palibe chochititsa manyazi ngati kupempha wamkulu kuti asinthe nthawi imene wasankha pa linki yanu yomwe.

Pamene linki imapambanadi mauthenga wamba ndi pa misonkhano yodutsa malire a mayiko. Masamba amenewa amaonetsa maola molingana ndi kumene wosankhayo ali. Malawi, Zambia ndi South Africa zili pa nthawi imodzi, Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi, koma London imasinthasintha: imakhala m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo imakhala m'mbuyo ndi maola awiri. Ngati mayi aja ali ku Britain, lembani nthawi zitatu zija m'nthawi ya kwawoko ndi kunena momveka kuti mwatero. Mukhozanso kufotokoza kuti linki iwaonetsa maola a kumene ali. Chifukwa choterocho chimamveka, poti phindu lake likupita kwa iwo.

Nanga mungadziwe bwanji kuti linki sinalandiridwe bwino? Kawirikawiri wamkulu sanganene. Amangokhala chete, kapena amayankha mwachidule kuti "Bwerani Lolemba 8 koloko", osatchulako linkiyo. Akatero, landirani nthawiyo, lembani nokha mu kalendala, tumizani kuitana, ndipo musawapemphe kuti akatsimikizirenso pa linki. Akakhala chete masiku awiri kapena atatu, musatumizenso linki yomweyo. Imbani foni kwa sekilitale, kapena lembani uthenga waufupi wokhala ndi nthawi ziwiri zatsopano.

Pali nthawi zinanso zimene linki siyenera kuonekera n'komwe. Ngati n'koyamba kulembera munthuyo, ndipo sanavomere n'komwe kuti muonane, kuika linki n'kuthamangira kutsogolo ngati wavomera kale. Yambani mwalandira "inde". Chimodzimodzi pa nkhani zolemera monga kupepesa, kupempha ntchito kapena kukambirana za madandaulo, ndiponso kwa munthu amene mukudziwa kuti amakonda foni kapena kalata yodutsa kwa mlembi wake. Koma ngati bwana anena okha kuti "nditumizire linki yako", tumizani mosazengereza ndiponso mosapepesa, chifukwa apo asankha okha njira yowapepukira.

Musanadine batani lotumiza, dzifunseni funso limodzi: kodi munthuyu angavomere msonkhanowu ndi liwu limodzi, osatsegula linki? Ngati angathe, linki yanu ndi thandizo. Ngati sangathe, mwamupatsa ntchito, ndipo uthengawo ulembeninso.