Chithunzi Chomwe Si Chithunzi

Mu Okutobala 2018, Larry Cashdollar, katswiri wa chitetezo cha makompyuta ku kampani ya Akamai, anaulula chinthu chomwe chinadzidzimutsa anzake. Iye anatumiza kafayilo ka malamulo a PHP kudzera mu jQuery File Upload, pulogalamu yomwe masamba ambirimbiri a pa intaneti ankagwiritsa ntchito polandira zithunzi ndi zikalata. Kafayiloko kanalandiridwa popanda funso. Atalemba adiresi yake pa intaneti, seva inayamba kuchita zomwe kankalamula ngati kuti akulankhula ndi mwini wake.

Chinalakwika n'chiyani? Pulogalamuyi inkaika mafayilo onse obwera mu foda yomwe aliyense akanatha kuifikira pa intaneti. Mlembi wake, Sebastian Tschan, anali ataikamo mlonda, kafayilo kotchedwa `.htaccess`, koletsa seva kumvera malamulo ochokera mu fodayo. Koma mu 2010, kuyambira pa Apache 2.3.9, seva inasiya kuwerenga kafayilo kameneka pokhapokha mwini wake ataiuza kutero. Mlonda uja anagona zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, chitseko chili pululu.

Apa m'pamene pagona nkhani kwa aliyense wolandira zitupa, masatifiketi kapena makalata ofunsira ntchito pa intaneti. Fayilo ya mlendo isamakhale m'foda yomwe seva imapereka kwa anthu, monga `/var/www/html`. Izisungidwa kwina, mwachitsanzo mu `/srv/uploads` kapena pa makina ena apadera, komwe kulibe adiresi ya pa intaneti yolozako. Dzina lomwe wotumiza anaipatsa lizitayidwa, m'malo mwake ipatsidwe lina la manambala ndi zilembo zosankhidwa mwachisawawa, chifukwa dzina lokhala ndi `../` likhoza kulowetsa fayilo m'foda ina n'kufafaniza zomwe zinalimo. Munthu akaifuna fayiloyo, pulogalamu iyambe yaona ngati ndi woyenera, kenako imutengere. Mwa njira imeneyi, fayilo yoipa ngakhale italowa imangokhala phee, palibe woidzutsa, komanso chitupa cha munthu sichionedwa ndi wina amene wangolota adiresi.

Kusunga patali sikuchotsa udindo wofufuza pakhomo. Ambiri amangoona ngati dzina likutha ndi `.jpg`, koma dzina amalemba ndi wotumiza. Chimodzimodzinso mawu a `Content-Type` omwe amabwera limodzi ndi fayilo: wakuba amangolembapo `image/jpeg` basi. Umboni wabwinopo uli m'kati. Chithunzi cha JPEG chimayamba ndi mabaiti `FF D8 FF`, cha PNG ndi `89 50 4E 47`, pomwe chikalata cha PDF chimayamba ndi `%PDF-`. Pa kompyuta ya Linux, lamulo ili limasuzumira m'katimo:

```
file --mime-type chitupa.jpg
```

Likayankha `text/x-php` m'malo mwa `image/jpeg`, ndiye kuti pali fisi wovala chikopa cha nkhosa. Komabe wochenjera akhoza kuika mabaiti oyenera kumayambiriro n'kubisa malamulo ake kumapeto. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amatsegula chithunzicho ndi pulogalamu ya zithunzi n'kuchisunganso chatsopano. Zobisika zimatsalira, ndipo ngati pulogalamuyo yauzidwa kusakopera za EXIF, zimatsaliranso zizindikiro za malo omwe foni inajambulira, zomwe zikanaulula khomo la munthu. Pulogalamu ya zithunziyo izikhala yatsopano nthawi zonse, pakuti mu 2016 kunapezeka kuti ImageMagick inkatha kumvera malamulo obisika m'zithunzi zachinyengo.

Kukula kwa fayilo nako kumafunika malire, ndipo aziikidwa pa seva penipeni, chifukwa malire ongolembedwa pa tsamba wakuba amangowalambalala. Nginx ikangoikidwa kumene imalola megabaiti imodzi kudzera mu `client_max_body_size`, ndipo ikapyoledwa imabweza nambala 413. PHP imalola megabaiti ziwiri mu `upload_max_filesize`. Mafoni a masiku ano amajambula zithunzi zoposa pamenepa, choncho malirewa amakwezedwa, mwina kufika pa 5 kapena 10. Kuwachotseratu ndiye kulakwa kwakukulu, popeza munthu mmodzi akhoza kudzaza disiki yonse usiku umodzi.

Pali msampha wina womwe sikelo ya megabaiti siuona. Chithunzi cha mtundu umodzi wokhawokha chimapanikizika n'kukhala kafayilo kakang'ono, chonsecho chili ndi timadontho 20,000 m'litali ndi 20,000 m'lifupi. Timeneti ndi timadontho 400 miliyoni. Kadontho kalikonse kakatenga mabaiti atatu, kutsegula chithunzicho kumadya magigabaiti 1.2 a memore, ndipo zoterezi zikabwera khumi nthawi imodzi seva yaing'ono imakomoka. Mwamwayi, m'litali ndi m'lifupi zimalembedwa kumutu kwa fayilo, kotero pulogalamu ikhoza kuwerenga manambala awiriwo n'kukana chithunzicho isanachitsegule.