Mwala wogwa kuchokera kumwamba unaulula zaka za dziko

Asayansi akati dzuwa ndi mapulaneti ake zakhalapo zaka 4.5 biliyoni, ambiri timafunsa kuti anawerenga ndani. Yankho lili mu yureniyamu, mtundu womwe uja wa miyala ya ku Kayelekera ku Karonga.

Yureniyamu sakhazikika. Amasweka yekha pang'onopang'ono mpaka kusanduka mtovu, ndipo liwiro lake silisintha, kaya mwalawo watentha kaya wazizira. Tinene kuti mwala uli ndi maatomu 1,000 a yureniyamu 238. Pakadutsa zaka 4.47 biliyoni atsala 500, enawo asanduka mtovu 206. Mnzake, yureniyamu 235, ndi wachangu: theka lake limasanduka mtovu 207 m'zaka 704 miliyoni. Choncho mwala umodzi umakhala ndi mawotchi awiri, ndipo akapanda kugwirizana, woyeza amadziwa kuti mwalawo unatayako mtovu kapena unadetsedwa.

Miyala ya pansi pano siingatiuze chiyambi, chifukwa yoyambirira inasungunuka kapena kuperepeseka kalekale. Tizidutswa takale kwambiri tomwe tapezeka, ta ku Jack Hills ku Australia, tili ndi zaka 4.4 biliyoni. Koma miyala yambiri yogwa kuchokera mumlengalenga ndi zotsala za fumbi lomwe linaumba mapulaneti, ndipo sinasungunukenso.

Panali mfundo ina yovuta: mtovu wina unalipo kale mwalawo usanaumbike, ndipo ukauwerengera limodzi, zaka zimachuluka mwabodza. Clair Patterson, wasayansi wa ku America, anatenga chidutswa cha mwala wachitsulo wa Canyon Diablo, womwe unakumba chidzenje chachikulu ku Arizona. M'chitsulocho muli timadontho ta safa momwe yureniyamu ndi wochepetsetsa, kotero mtovu wake ndi wa pachiyambi penipeni. Atauyerekeza ndi wa miyala ina yogwa kumwamba, mu 1956 anafalitsa zotsatira: zaka 4.55 biliyoni, zopitirira kapena zoperewera ndi 70 miliyoni. Mtovu wa m'matope a pansi pa nyanja unagwirizana ndi miyalayo, kusonyeza kuti dziko ndi miyalayo zinabadwira pamodzi.

Chomwe chinamusautsa zaka zambiri ndi fumbi. Mtovu unali paliponse, mumpweya, m'madzi, ngakhale pa zovala, wambiri mwa iwo wochokera mu utsi wa petulo, ndipo unkasokoneza miyeso. Anachita kukonza chipinda chosalowa fumbi. Kwa ine, khama limeneli ndilo limapangitsa nambala yake kukhala yodalirika kuposa masamu enieniwo.

Pa 8 Febuluwale 1969 mwala wina unagwa pafupi ndi mudzi wa Allende ku Mexico. Ukauswa, mkati mwake mwakuda mumaoneka timawanga toyera ta kashiyamu ndi aluminiyamu. Timawanga totere ndi zinthu zolimba zoyamba kuumbika pozungulira dzuwa, ndipo zipangizo zamakono zimatipeza ndi zaka 4.567 biliyoni.