Ofika mochedwa, otuluka msanga: mmene famase imapewera kutaya mankhwala

Galimoto yobweretsa mankhwala ikaima pa chipatala chaching'ono, onyamula katundu amafuna kutsitsa makatoni msanga kuti apitirire ulendo. Koma wosunga mankhwala wodziwa ntchito yake sapupuluma. Amatembenuza katoni iliyonse kufunafuna tizilembo tiwiri: tsiku lomwe mankhwalawo adzathere mphamvu, ndi nambala ya bachi. Tizilembo timeneti ndi tomwe timamuuza malo a katoniyo pa shelefu, komanso nthawi yomwe iyenera kutuluka.

Tsiku lothera mphamvu ambiri amalidziwa. Limalembedwa pafupi ndi zilembo za EXP, ndipo likapitirira anthu amati mankhwala aekisipaya. Pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha, monga EXP 06/2026, ndiye kuti mankhwalawo angagwire ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo, pa 30 Juni. Bachi ndi gulu la mankhwala omwe adapangidwa nthawi imodzi, m'fakitale imodzi, kuchokera ku msakanizo umodzi. Nambala yake imapezeka pafupi ndi zilembo za LOT kapena BN. Mabotolo awiri atha kufanana dzina, mtundu ndi kukula kwake, koma ngati nambalazi zasiyana, wosunga mankhwala amawatenga ngati katundu wosiyana.

Lamulo lomwe amatsata limadziwika ndi chidule choti FEFO, kutanthauza kuti choyamba kutha mphamvu chikhale choyamba kutuluka. Likusiyana ndi lamulo lina lotchedwa FIFO, lomwe limati choyamba kulowa chiyambe kutuluka. Poyang'ana koyamba malamulo awiriwa amaoneka ngati amodzi, chifukwa munthu amaganiza kuti katundu wofika kale ndiye wakale. Ku mankhwala sizikhala choncho nthawi zonse. Katoni yofika lero ikhoza kukhala kuti idakhalitsa m'nkhokwe yaikulu, kapena yachokera ku chipatala china chomwe chinali ndi yochuluka, kapenanso ndi thandizo lomwe lafika masiku ake atatsala ochepa.

Tiyerekeze chipatala chomwe chimagwiritsa ntchito zitini 10 za amokisisilini pa mwezi. Pa 1 Malichi 2026 pa shelefu pali zitini 60 za bachi yomwe idafika mu Januwale, yodzatha mphamvu mu Malichi 2027. Tsiku lomwelo pafika zitini 50 za bachi ina, zolembedwa EXP 06/2026.

Wosunga mankhwala akatsata dongosolo la kafikidwe, ayamba ndi zitini 60 zija, ndipo zimufikitsa kumapeto kwa Ogasiti. Podzatembenukira ku zitini 50 zatsopano adzapeza kuti zidatha mphamvu miyezi iwiri yapitayo, zonse zisanatsegulidwe. Chipatala chidzakhala chopanda amokisisilini, makatoni ali mbwee pa shelefu.

Akatsata FEFO, zitini za Juni zimabwera kutsogolo, za chaka chamawa n'kubwerera kumbuyo. Kuyambira Malichi mpaka Juni ndi miyezi inayi, choncho zitini 40 zidzapita kwa odwala. Zitini 60 zija zidzayamba kutuluka mu Julayi n'kutha mu Disembala, nthawi yake ikadalipo.

Komabe zitini 10 zatsala, ndipo apa ndi pomwe FEFO imalekezera mphamvu zake. Kusanja bwino sikuchulukitsa odwala. N'chifukwa chake wosunga mankhwala amawerengera tsiku lomwelo lolandira katundu: amatenga miyezi yotsala, kuchulukitsa ndi zomwe zimatuluka pa mwezi, n'kuyerekeza ndi zomwe ali nazo. Akaona kuti zitini 10 sizidzatha, amadziwitsa akuluakulu a famase ya pa boma mu Malichi momwemo kuti zitumizidwe ku chipatala chomwe zikusowa. Akadikira mpaka Juni palibe amene angazilandire. Ayeneranso kukumbukira kuti wodwala amamwa mankhwalawo kunyumba kwa masiku angapo. Mankhwala a masiku asanu saperekedwa kutatsala masiku awiri kuti athe mphamvu, ndipo kwa odwala omwe amalandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, bachi iyenera kupitirira nthawi yonseyo.

Zonsezi zimadalira kaundula. Pa khadi la katundu lomwe limakhala pa shelefu pamalembedwa tsiku, komwe katundu wachokera kapena wapita, kuchuluka kwake, nambala ya bachi, tsiku lothera mphamvu ndi zotsala. Cholakwika chofala ndi kulemba chiwerengero chonse pamodzi. Khadi longonena kuti pali zitini 110 limapereka chithunzi choti chipatala chili ndi mankhwala a miyezi 11, pomwe zitini 50 zili ndi miyezi inayi yokha. Kompyuta nayo siteteza ku vutoli. Ikhoza kulemba kuti yatuluka bachi ya Juni, pomwe dzanja la wogwira ntchito latenga chitini chomwe chinali pafupi. Kusiyana kotere kumaoneka powerenga katundu kumapeto kwa mwezi, malinga ngati akuwerenga bachi iliyonse payokha: chiwerengero chonse chimagwirizana, koma bachi ina imaperewera, ina n'kuchuluka.

Ambiri amathandiza maso awo polemba tsiku lothera mphamvu ndi cholembera chachikulu kutsogolo kwa katoni, chifukwa tizilembo ta fakitale timakhala tating'ono, nthawi zina pansi pa bokosi. Mankhwala omwe atha kale mphamvu amachotsedwa pa shelefu tsiku lomwelo, kulembedwa, ndi kutsekeredwa paokha mpaka adzawonongedwe motsata malamulo. M'Malawi, bungwe loyang'anira za mankhwala ndi PMRA.

Nambala ya bachi ili ndi ntchito inanso. Mu Epulo 2024, bungwe loyang'anira mankhwala ku Nigeria, NAFDAC, lidalamula kuti mankhwala a chifuwa a ana a Benylin Paediatric a bachi 329304 achotsedwe pa msika, ponena kuti lidapezamo mankhwala oopsa ochuluka. Mabotolowo adapangidwa ku South Africa, ndipo maiko ena monga Kenya ndi Zimbabwe adachitanso chimodzimodzi. Uthenga wotere ukafika, famase yomwe imalemba mabachi imangotsegula kaundula n'kudziwa ngati idalandira nambalayo, mabotolo otsala, ndi komwe ena adapita. Yosalemba imayenera kugwira botolo lililonse, ndipo za omwe adatuluka kale singanenepo kanthu.

Tsiku lolembedwa pa bokosi limagwira ntchito pokhapokha mankhwala asungidwa monga wopanga adanenera. Ambiri amafuna malo ouma osapitirira madigiri 25 kapena 30, pomwe akatemera ambiri ndi insulini amasungidwa m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Chipinda cha malata chopanda siling'i, m'mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena Nsanje, chingawononge mankhwala tsiku lake lisanafike. Mankhwala ena akatsegulidwa, masiku ake amayamba kuwerengedwa mwatsopano. Amokisisilini wa ufa wa ana akathiridwa madzi amakhala sabata imodzi kapena awiri basi, malinga ndi malangizo a pa botolo, ngakhale pa bokosi patalembedwa chaka chamawa.

Mwini golosale atha kutsata njira yomweyi pa mkaka, yogati ndi buledi: katundu akafika, ayang'ane masiku asanaike pa shelefu, ndipo wotha msanga akhale kutsogolo. Wogula nayenso ali ndi gawo lake. Mapiritsi akadulidwa pa kapepala kake kapena kuthiridwa m'kathumba ka pulasitiki, tsiku ndi nambala zimatsala pa bokosi lalikulu. Mukalandira mankhwala otere, pemphani wokupatsaniyo alembe pa kathumbako dzina la mankhwala, nambala ya bachi ndi tsiku lothera mphamvu musanachoke pa windo.