Zimene Wophunzira Uinjiniya Amalemba mu Lipoti Lomaliza la Atachimenti

Lipoti lomaliza la atachimenti ndi chikalata chimene wophunzira uinjiniya amalemba akatha nthawi yake yophunzira ntchito ku kampani. Ophunzira a m'masukulu monga MUBAS ya ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic, ndi MUST ya ku Thyolo amatumizidwa kumakampani omanga, amagetsi, amadzi ndi kumafakitale, ndipo pobwerera amapereka lipotili kusukulu. Amaliwerenga ndi mphunzitsi amene amapereka malikisi, komanso injiniya wa ku kampani amene ankayang'anira wophunzirayo. Awiriwa amafuna kuona umboni wa zimene wophunzirayo anagwira ndi manja ake, ndi kuona ngati anamvetsa chifukwa chimene ankazichitira.

Lipoti labwino limachokera m'logibuku, kabuku kamene wophunzira amalembamo ntchito ya tsiku lililonse ndipo supavaiza amasainamo. Amene amadikira sabata yomaliza kuti ayambe kukumbukira za miyezi yonse amalemba zapamwambamwamba, chifukwa pofika nthawiyo manambala anawaiwala kale. Masamba oyamba, onena za kampani ndi ntchito zake, ayenera kukhala aafupi. Ambiri amataya masamba asanu akukopera mbiri ya kampani, chonsecho injiniya wowerengayo amaidziwa kuposa iwo.

Gawo lalikulu kwambiri ndi la ntchito zimene zinagwiridwa. Chitsanzo chikhale cha wophunzira amene watumizidwa pa saiti yomanga nyumba yosanja, ndipo wapatsidwa udindo woyeza konkire. Wolemba mosasamala amangoti anathandiza pa ntchito yothira silabu, ndipo chiganizo chotero sichiuza wowerenga kalikonse. Wolemba bwino amatchula tsiku, mbali ya nyumba imene inathiridwa, ndi mphamvu imene mapulani ankafuna, mwachitsanzo konkire wa giredi 25. Kenako amafotokoza mmene anatengera sampulo. Anapaka mafuta m'zikombole zachitsulo za mamilimita 150 mbali zonse, n'kuthiramo konkire magawo atatu, gawo lililonse akulitsindira ndi ndodo yachitsulo kuti mpweya utuluke. Mawa lake anachotsa makyubuwo m'zikombole, n'kuwalemba tsiku ndi nambala, n'kuwaviika m'madzi. Ena anakaswedwa ku labotale patatha masiku 7, ena patatha masiku 28.

Manambala a ku labotale ayenera kulembedwa pamodzi ndi kawerengedwe kake. Nkhope ya kyubu ndi 150 kuchulukitsa ndi 150, zomwe zimapereka masikweya milimita 22,500. Ngati kyubu ya masiku 7 yasweka makina atafika pa makilonyutoni 315, amene ndi manyutoni 315,000, mphamvu yake imapezeka pogawa 315,000 ndi 22,500, ndipo yankho ndi 14. Konkire wa simenti wamba amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake pa tsiku la 7, choncho wa giredi 25 amayembekezeka kuonetsa 16 kapena 17. Kupeza 14 ndi chenjezo lakuti pa masiku 28 akhoza kuthera cha m'ma 21, osafika pamene pakufunika.

Wophunzira amene amaganiza amaonekera pa mfundo imeneyi, chifukwa sangolemba 14 n'kupitirira. Amabwerera ku logibuku kukaona zimene zinachitika tsiku lothiralo. Mwina mvula inagwa usiku ndipo mchenga unali wonyowa, koma woyendetsa mikisa anathira madzi monga mwa masiku onse. Mwina anyamata a wilibala anadandaula kuti konkire walimba, ndipo wina anawonjeza ndowa ya madzi kuti azitsika msanga. Madzi akachuluka konkire amasalala, ntchito n'kuphweka, koma akauma amasiya timabowo tosaoneka ndipo mphamvu imatsika. Umboni wake ndi muyeso wa silampu, womwe umaonetsa mmene konkire wanyowera: amamuthira m'chitsulo chooneka ngati fanulo yozondotsa, chotalika mamilimita 300, n'kuchikweza, n'kuyeza mmene mulu wagwera. Ngati tsikulo unagwa mamilimita 160 pamene ankafuna 75, ndiye kuti vuto linali madzi. Koma vuto likhozanso kukhala m'makyubu enieniwo. Kyubu yosatsindiridwa bwino, yooneka ngati chisa cha njuchi m'mbali, kapena imene inasiyidwa padzuwa m'malo mokhala m'madzi, imasweka msanga ngakhale silabuyo ili bwinobwino. Wophunzira woona mtima amalembanso zimenezi, ngakhale wolakwitsayo atakhala iye mwini, ndipo amanena chimene injiniya anagamula.

Gawo la maluso limasokoneza ambiri. Amandandalika kuti aphunzira kugwira ntchito ndi anzawo, kusunga nthawi ndi kulankhulana bwino, mawu amene aliyense akhoza kulemba asanapondeko pa saiti. Luso lililonse liyenera kuloza ntchito imene yafotokozedwa kale. Wophunzira uja akhoza kunena kuti tsopano amatha kupanga makyubu payekha, kuwerengera mphamvu yake, ndi kuzindikira konkire wa madzi ambiri pongomuona akutsika m'mikisa. Ndi bwinonso kusiyanitsa zimene anachita yekha, zimene anachita moyang'aniridwa, ndi zimene anangoonerera. Ngati makina oswera makyubu ankayendetsa ndi katswiri wa ku labotale, lipoti linene choncho, chifukwa mphunzitsi akafunsa mafunso awiri okha bodza limaonekera. Ngakhale luso lolankhula ndi anthu likhoza kulembedwa ndi umboni. Kuuza foromani wa imvi, amene wamanga nyumba kwa zaka zambiri, kuti madzi achuluka, n'kumuuza mwaulemu mpaka iye n'kuvomera, ndi ntchito imene m'kalasi saphunzitsa, ndipo ndi yoyenera ndime yakeyake.

Malangizo opita ku kampani amafuna kusamala, poti wolembayo anali mlendo pamalopo ndipo mwina adzafunsirako ntchito. Izi sizikutanthauza kuti angothokoza n'kutseka. Langizo lothandiza limanena chimene chinaoneka, vuto limene chimabweretsa, ndi njira yotheka yokonzera. Pa saiti ija, langizo likhoza kukhala lakuti pa mikisa pakhale ndowa yolembedwa mzere, kuti thumba lililonse la simenti la makilogalamu 50 lizilandira madzi amene injiniya walamula, mwachitsanzo malita 25, ndipo muyesowo uzitsitsidwa mchenga ukanyowa. Lina likhoza kukhala lakuti mgolo woviikamo makyubu uzikhala pamthunzi, ndipo pakhale kaundula wosonyeza kyubu iliyonse ndi malo amene konkire wake anathiridwa, kuti zotsatira zikaipa adziwe msanga mzati kapena silabu yokaunika. Zonsezi sizidya ndalama zambiri. Kulangiza kampani kuti igule makina a mamiliyoni, popanda kuonetsa phindu lake, kumangosonyeza kuti wolemba sanamvetse mmene kampaniyo imayendera. Pamakhalanso malo olangiza za kalandiridwe ka ophunzira, monga kuwapatsa chipewa cholimba ndi nsapato zodzitetezera tsiku loyamba, ndi kuwauza injiniya mmodzi amene azipereka malipoti kwa iye. Malangizo amaloza kachitidwe ka ntchito, satchula munthu dzina kuti ndiye analakwa.

Kumapeto kumaikidwa zowonjezera: mapepala a zotsatira za ku labotale, masamba a logibuku, ndi zithunzi zolembedwa tsiku ndi malo. Mapulani, mitengo ya ntchito ndi mayina a eni nyumba ndi zinsinsi za kampani, choncho sizilowa mu lipoti popanda chilolezo. Lipoti lisanapite kusukulu, supavaiza amayenera kuliwerenga, ndipo kumene sukulu imafuna kutero amasaina ndi kudinda chidindo cha kampani. Wophunzira amasunganso kope lake, chifukwa akadzafuna kulembetsa ku bungwe la Malawi Engineering Institution kapena kufunsira ntchito, adzafunika kufotokoza ntchito zimene anagwirapo, ndi masiku ndi manambala ake.