Simu ikafa ku Joni, akaunti imatsala ndi ndani?

Kwa Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni, mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Joni. Uthenga wa maliro, nkhani ya feteleza ndi ndalama zimadzera pafoni. Koma pulogalamu iliyonse, isanatsegule akaunti, imafuna umboni wakuti wolowayo ndi mwini wake. Njira zotchuka zilipo zitatu, ndipo iliyonse imalephera mwa mtundu wake munthu akasintha dziko, simu kapena foni.

Yoyamba ndi nambala zotsimikizira zobwera pa uthenga. WhatsApp imatumiza manambala 6 ku simu yanu, inu n'kuwalemba, basi mwalowa. Palibe choloweza pamtima, n'chifukwa chake ngakhale agogo savutika nayo. Vuto lake n'lakuti pulogalamuyo imazindikira simu, osati munthu.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Embangweni amene watsegula WhatsApp pa nambala ya +265, kenako n'kupita ku Joni. Kumeneko wagula simu ya +27, yakale waisiya m'chikwama. WhatsApp ikugwirabe ntchito chifukwa imangofuna intaneti, choncho iye saona cholakwika. Koma simu ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka ndipo nambalayo ikhoza kugulitsidwa kwa wina. Tsiku limene foni yake yabedwa, manambala otsimikizira amapita kwa mwini watsopano wa nambala ija ku Malawi. Ameneyo akatsegula WhatsApp, akhoza kupezeka m'magulu a banja la mnyamatayo, achibale n'kumaganiza kuti ndi mwana wawo.

Chotchinjiriza n'chapafupi. Simu yatsopano ikangopezeka, apite pa Settings, Account, Change number, asamutse akauntiyo foni yakale idakali m'manja. Pomwepo pali Two-step verification, pamene amaika nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene imafunsidwa wina akafuna kulembetsa nambalayo pafoni ina. Ndipo wina akaimba kunena kuti watumiza manambala molakwitsa, mumuwerengere, dziwani kuti akufuna kulanda akauntiyo.

Simu ikatayika kuno kumudzi, nkhani imakhala ya dzina. Kuyambira 2018, bungwe la MACRA lidalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, ndipo ambiri adagwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Pobwezeretsa nambala, kampani imafuna amene dzina lake lili m'kaundula. Mayi amene simu yake idalembetsedwa m'dzina la mwamuna wake, yemwe ali ku Joni, amavutika kuipezanso, pamodzi ndi ndalama za Airtel Money kapena Mpamba zili mmenemo.

Njira yachiwiri ndi pasiwedi. Iyi siidikira uthenga, choncho imathandiza kumene mauthenga amachedwa, ndipo imawoloka malire popanda vuto. Kufooka kwake kuli mwa ife eni. Chaka chobadwa kapena 1234 n'zoyamba zimene wakuba amayesa, ndipo pasiwedi imodzi ikagwiritsidwa ntchito paliponse, ikaululika pamodzi yatsegula ponse. Mawu anayi osagwirizana, olembedwa m'kope losungidwa m'nyumba, amaposa mawu afupi osavuta kuwalota. Nambala yachinsinsi ya pa *211# kapena *444# nayonso ndi pasiwedi yaifupi: ejenti sayenera kuimva, mwini foni ailembe yekha.

Yachitatu ndi batani la Continue with Google kapena Continue with Facebook. Apa pulogalamu siilandira pasiwedi yanu. Google kapena Facebook ndiyo imakuchitirani umboni. N'zachangu, koma zonse zimapachikidwa pa akaunti imodzi, ndipo ikatsekeka, mapulogalamu onse odalira iyo amatsekeka nayo. Pa Boma la Mzimba, monga m'matauni ena, wogula foni nthawi zambiri amapempha wogulitsa kuti amutsegulire Gmail, n'kuchoka osadziwa adiresi kapena pasiwedi yake. Mavuto amaoneka foni ikafufutidwa zonse: mafoni a Android amafunsa akaunti ya Google imene idalimo kale. Foni yakale yotumizidwa kuchokera ku Joni imakanika chimodzimodzi ngati mwini woyamba sadachotsemo akaunti yake asanaifufute.

Choncho posankha njira, funso lofunika n'lakuti: foniyi ikasowa lero, ndibwereramo bwanji? Kwa okhazikika pamudzi, nambala ya foni njokwanira bola simu ili m'dzina lawo ndipo ikugwira ntchito. Kwa wopita kunja, akaunti ya Google imene akuidziwa pasiwedi yake njodalirika kuposa simu, makamaka akaikamo nambala yatsopano ndi imelo yachiwiri yobwezeretsera. Pa ndalama, njira imodzi siikwanira: pafunika simu ndi nambala yachinsinsi pamodzi. Zonsezi zikonzedwe ulendo usanayambe, chifukwa nambala ikapita kwa wina, palibe batani lobwezera.