Kusintha Kulemera kwa Khanda Kuchoka M'mapaundi Kupita M'makilogalamu

Paundi imodzi ili ndi maaunsi 16, ndipo aunsi imodzi imalemera magalamu 28.35. Manambala awiriwa ndi okwanira kusintha kulemera kwa khanda kuchoka m'mapaundi ndi maaunsi kupita m'makilogalamu, omwe ndiwo muyezo wa m'buku la kusikelo. Paundi yonse imalemera magalamu 453.59, malinga ndi mgwirizano wa mu 1959 womwe mayiko monga Amereka ndi Britain adamvana kuti paundi yawo ikhale yofanana.

Nkhaniyi imabuka mwana akabadwira kunja. Ku Amereka kulemera kwa khanda kumatchulidwa m'mapaundi ndi maaunsi. Ku Britain zipatala zimayeza m'makilogalamu, koma makolo ambiri amasungabe pamtima nambala ya mapaundi, ndipo ndiyo amauza abale. Mwana wotere akabwera kumudzi n'kupita naye kusikelo, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amapatsidwa pepala lolembedwa 5 lb 8 oz. Zilembo za lb zikuimira mapaundi, za oz zikuimira maaunsi, pomwe buku la mwana ndi tchati cha kakulidwe kake zimafuna makilogalamu.

Njira yodalirika ndi kuyamba mwa kusandutsa zonse kukhala maaunsi. Mapaundi amachulukitsidwa ndi 16, n'kuphatikizapo maaunsi otsala aja. Zotsatira zake zimachulukitsidwa ndi 28.35 kuti papezeke magalamu, ndipo magalamuwo akagawidwa ndi 1,000 amakhala makilogalamu. Khanda la 5 lb 8 oz limawerengedwa chonchi:

```
5 × 16 = 80
80 + 8 = 88 oz
88 × 28.35 = 2,494.8 g
2,495 ÷ 1,000 = 2.495 kg
```

Masamuwa ndi apafupi, ngakhale foni wamba imawatha. Pamene anthu amaphonyera ndi poyambirira pomwe. Munthu wozolowera makwacha ndi matambala, kapena makilogalamu ndi magalamu, akaona 5 lb 8 oz dzanja limathamangira kulemba 5.8 pa foni, ngati kuti 8 uja ndi magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi. Koma paundi imagawidwa pa 16. Maaunsi 8 ndi theka lenileni la paundi, choncho nambala yoona ndi 5.5. Wolemba 5.8 akachulukitsa ndi 0.4536 amapeza makilogalamu 2.63, kutanthauza kuti wamuwonjezera mwana magalamu 136 omwe alibe.

Kwa munthu wamkulu magalamu 136 si kanthu, koma kwa khandali akulidumphitsa malire ofunika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mwana wobadwa ndi magalamu ochepera 2,500 ndi wobadwa wochepa thupi. Mwana wotere sachedwa kuzizidwa, nthawi zina amayamwa mofooka, ndipo azaumoyo amamuyang'anira mwapadera. Ena mwa ana otere ndi amene amaikidwa pachifuwa cha mayi m'njira ya kangaru. Khanda la magalamu 2,495 lili m'gulu limeneli. Likalembedwa 2.63, aliyense wotsegula bukulo pambuyo pake adzaona mwana yemwe adabadwa ndi sikelo yokwanira.

Kuphonya kumeneku sikumangowonjezera nthawi zonse. Maaunsi akafika 10 kapena kuposerapo, kumachepetsa. Khanda la 6 lb 12 oz lili ndi maaunsi 108, omwe ndi magalamu 3,062. Wolemba 6.12 amapeza magalamu 2,776, kuperewera ndi 286. Vuto lake limaonekera m'masiku oyamba. Makanda ambiri amatsika sikelo akangobadwa, n'kubwerera pa kulemera kwawo kobadwa nako pofika milungu iwiri, ndipo kutsika kopitirira magawo 10 pa 100 alionse kumafuna kufufuzidwa, makamaka ngati mwana akuyamwa mokwanira. Khanda lija litayezedwa patapita masiku ochepa n'kupezeka ndi magalamu 2,720, buku lolakwika lingasonyeze kuti langotaya magalamu 56. Chonsecho lataya 342, omwe ndi magawo 11 pa 100 alionse. Nambala yobadwa nayo ndiyo poyambira poyerekeza miyezo yonse yotsatira, n'chifukwa chake ikalakwika imasocheretsa kwa nthawi yaitali.

Pali njira ina yachidule yomwe ambiri adaphunzira kusukulu, yogawa mapaundi ndi 2.2. Imathandiza poyerekeza mwachangu, koma pafupi ndi malire imanyenga. Mapaundi 5.5 akagawidwa ndi 2.2 amapereka 2.5 ndendende, ndipo mwana uja sakhalanso pansi pa 2,500. Cholakwika n'chakuti kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2046, ndipo 2.2 ndi kungodula mchira. Zomwezo zimachitika wolemba akafupikitsa 2.495 kukhala 2.5. Pa kulemera kobadwa nako ndi bwino kulemba magalamu onse, kapena makilogalamu okhala ndi manambala atatu pambuyo pa kadontho. Ngati malo olembapo m'buku ndi ochepa, magalamu enieni atha kulembedwa pambali.

Asanayambe masamu, wolemba ayenera kuyang'anitsitsa mmene nambala yalembedwera. Masikelo ena a magetsi amaonetsa mapaundi okhaokha okhala ndi kadontho, monga 7.5 lb. Apa palibe maaunsi oti aphatikizidwe, 7.5 imachulukitsidwa ndi 0.4536 basi, n'kupereka makilogalamu 3.402, omwe ndi ofanana ndi 7 lb 8 oz. Chovuta ndi pepala lolembedwa pamanja kuti 7.8 popanda chizindikiro chilichonse, kapena kholo longonena pakamwa kuti "seveni eyiti". Pamenepo n'kofunika kufunsa ngati 8 uja ndi maaunsi. Chizindikiro china chothandiza n'chakuti maaunsi sangapitirire 15, popeza akakwana 16 yakhala paundi ina. Pepala lonena kuti 6 lb 18 oz lili ndi cholakwika penapake. Maaunsi olembedwa pa botolo la mkaka nawo asasokoneze munthu: amenewo amayeza kuchuluka kwa zamadzimadzi, osati kulemera.

Yankho likapezeka, pali njira yoliyesera ndi mutu. Makilogalamu amakhala ocheperako pang'ono kuposa theka la mapaundi. Theka la 5.5 ndi 2.75, choncho 2.495 ikumveka. Yankho loposa theka, kapena lofika pa 5 kupita m'mwamba, likusonyeza kuti china chasokonekera, pakuti makanda ambiri obadwa masiku atakwana amalemera pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 4. Kuyesa kotereku kumagwira cholakwika choopsa kuposa zonse, chomwe ndi kukopera nambala ya mapaundi pamalo a makilogalamu. Mankhwala a makanda amawerengedwa potengera kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye mwana wa mapaundi 7 akatengedwa ngati wa makilogalamu 7, mlingo wake ungapitirire kawiri. Pachifukwa chimenechi mlingo wa mankhwala umachokera pa sikelo ya tsiku lomwelo, mwana atayezedwa pachipatalapo.

Kusinthaku kulinso ndi malire ake. Nambala ya mapaundi ndi maaunsi imakhala itafupikitsidwa kale kufika pa aunsi yapafupi, kotero ikhoza kusiyana ndi kulemera kwenikweni ndi magalamu okwana 14 mbali iliyonse. Mwana wolembedwa 5 lb 8 oz angakhale adalemera 2,485 kapena 2,505 pa sikelo yoyamba. Ngati chipatala chomwe adabadwira chidalemba magalamu, monga zimakhalira m'buku lofiira lomwe ana amapatsidwa ku Britain, nambala imeneyo ndiyo yoyenera kukopera osasintha kanthu. Pamene palibe, wolemba amaika makilogalamu omwe wapeza, n'kulemba pambali mapaundi ndi maaunsi omwe adachokerako, kuti wina wodzatsegula bukulo athe kubwereza masamuwo.