Memore Khadi Yonama Kukula Kwake: Mmene Ingayesedwere

Anthu a ku Rivirivi amene amagula mamemore khadi ndi mafulashi m'misika, kaya ku Balaka kapena ku Liwonde, ayenera kudziwa kuti nambala yolembedwa pa khadi si umboni wa kukula kwake. Ngakhale nambala imene foni imaonetsa si umboni.

Chifukwa chake ndi ichi. M'kati mwa khadi muli mbali ziwiri: nkhokwe yosungira zinthu, ndi kachipangizo kamene kamauza foni kukula kwa nkhokweyo. Anthu achinyengo amatenga khadi ya magigabaiti 8 nasintha kachipangizoko kuti kazinena 64. Foni siyeza yokha. Imangokhulupirira zimene yauzidwa.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wagula khadi yotere kuti asungemo makanema a ukwati wa mwana wake. Masiku oyamba zonse zikuyenda bwino, popeza magigabaiti 8 enieniwo sanadzaze. Akangodzaza, makanema atsopano amatayika, kapena amalembedwa pamwamba pa akale ndi kuwafafaniza. Maina onse amaonekabe pa mndandanda, koma kanema akatsegulidwa amakana. Zimene zatayika motere sizibwezeka, ndipo kufomata khadiyo sikuikuza.

Njira yodalirika ndiyo kudzaza khadi yonse ndi kuwerenganso zimene zalembedwamo. Pa kompyuta ya Windows, ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw, yochokera ku Jeremani. Khadi ikhale yopanda kanthu. Woyesayo asankhe khadiyo pa Select target, asiye chisankho cha all available space, ndipo adine Write + Verify. Pafunika kudekha: khadi yolemba mamegabaiti 10 pa sekondi imatenga pafupifupi maola awiri kuti magigabaiti 64 adzaze, kuwerenganso kusanayambe. Ngati ili yabwino, pamatuluka mawu akuti Test finished without errors. Khadi ya mphunzitsi uja ingaonetse magigabaiti 7 ndi pang'ono okha abwino, otsalawo pansi pa mawu akuti DATA LOST.

Kumene kulibe kompyuta, foni ikhoza kuthandiza. Munthu akopere makanema m'khadimo kufikira itadzaza, kenaka aichotse, aibwezeremo, ndi kutsegula makanema oyamba, apakati ndi omaliza. Onse ayenera kuseweredwa mpaka kumapeto. Kuyesa nyimbo ziwiri zokha pa benchi ya wogulitsa sikusonyeza kanthu, pakuti ngakhale khadi yabodza imazisunga bwinobwino.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kudetsa nkhawa. Khadi yeniyeni ya magigabaiti 64 imaonetsa 58 kapena 59 pa kompyuta, chifukwa opanga khadi ndi kompyuta amawerenga mosiyana. Chimenechi si chinyengo.

Tsono wogula apangane ndi wogulitsa, ndalama zisanaperekedwe, kuti khadi ikalephera mayeso idzabwezedwa. Ndipo makanema akale asafufutidwe m'foni kufikira khadi yatsopanoyo itayesedwa.